Musanasiye makiyi: kalata yopempha landilodi kuti mulowetse munthu wina m'nyumba ya lendi

Nyumba yabwino ya lendi m'tauni sipezeka msanga. Munthu amayenda miyezi, kulipira madobadoba omuonetsa nyumba, kenako n'kupereka lendi ya miyezi itatu nthawi imodzi asanalowetse ngakhale mpando. Ndiye kuntchito akamuuza kuti apite ku Mzuzu kwa miyezi isanu ndi itatu, kapena mwayi wa sukulu ukapezeka ku Zomba, mutu umaima. Akatuluka m'nyumbamo, pobwera adzayambiranso kusakasaka, mwinanso mitengo itakwera. Akaisunga chotseka, azilipira malo awiri. Ambiri amasankha njira yachitatu: kupeza munthu woti akhalemo n'kumalipira lendiyo mpaka iwo atabwerera.

Njira imeneyi ndi yotheka, koma ambiri amailakwitsa poyambira. Amasiyira mnzawo makiyi, n'kuuza anthu oyandikana nawo kuti ndi msuweni wongoyang'anira nyumba, poganiza kuti landilodi sadziwa. Landilodi amadziwa ndithu, makamaka ngati amakhala mumpanda womwewo kapena ali ndi wachibale pafupi. Akaona nkhope zachilendo zikuyanika zovala kuseri kwa nyumba yake, nkhani imayamba moipa, ndipo woluza ndi amene adasiya makiyi uja. Chofunika ndi kupempha chilolezo polemba kalata, munthu winayo asanalowe.

Yambani mwawerenga mgwirizano wanu

Musanagwire cholembera, tulutsani pepala lomwe mudasayinirana ndi landilodi polowa m'nyumbamo. Pafupifupi mgwirizano uliwonse wolembedwa bwino uli ndi ndime yonena za kulowetsa munthu wina, ndipo ndimeyo imabwera m'mitundu iwiri. Ina imakaniziratu: wochita lendi asachititse lendi nyumbayo kapena mbali yake kwa wina aliyense. Ina imati asatero popanda chilolezo cholembedwa cha mwini nyumba. Kusiyana kwake n'kwakukulu. Ngati ndime yanu ili yokaniziratu, landilodi akhoza kukana osapereka chifukwa, ndipo kalata yanu ikupempha chifundo basi. Ngati ili ya mtundu wachiwiri, khomo ndi lotsegula, ndipo ntchito ya kalata ndi kumupatsa zonse zofunika kuti avomere.

Enanso ambiri, makamaka m'madera monga Ndirande, Kawale kapena Chibavi, alibe pepala lililonse. Adangogwirizana pakamwa, ndipo umboni wawo ndi kabuku kolembamo lendi. Kusowa kwa pepala si chilolezo. Pa malo omwe adalembetsedwa m'kaundula wa boma pansi pa lamulo la Registered Land Act la 1967, lamulolo limatenga kuti wochita lendi adalonjeza kusapereka nyumba kwa wina popanda chilolezo cholembedwa, pokhapokha mgwirizano wawo utanena zina, ndipo limatinso mwini nyumba asakane popanda chifukwa chomveka. Ngakhale kumene lamuloli silikufika, landilodi wopsa mtima angokupatsani notisi, nyumba yomwe mumafuna kusunga ija n'kupita.

Pali nyumba zina zomwe kalata ya mtundu uwu siithandiza. Nyumba za bungwe la Malawi Housing Corporation zimaperekedwa kwa munthu amene dzina lake lili m'mabuku a bungwelo, ndipo bungweli limaletsa kuzichititsa lendi kwa ena. Chimodzimodzi nyumba yomwe mudapatsidwa ndi kuntchito: mumakhalamo chifukwa cha ntchitoyo, ndiye kulowetsamo wina molipiritsa kukhoza kukuikani pamlandu ndi abwana anu. Zomwe tikukamba pano ndi nyumba za anthu wamba.

Udindo sutuluka nanu m'nyumba

Mfundo imene kalata yonse yatsamirapo ndi iyi: mukalowetsa munthu wina, mgwirizano wanu ndi landilodi umakhalabe pomwe unali. Pamangobadwa mgwirizano wachiwiri, wa inu ndi wolowayo, ndipo mu mgwirizano wachiwiriwu landilodi wa munthuyo ndinu. Mwini nyumba sadapangane naye kanthu. Munthuyo akalephera kulipira, mwini nyumba adzaimbira foni inu. Akaswa sinki, ngongole ndi yanu. Ana ake akamasokosera anthu a mumpanda, dandaulo lidzafika kwa inu ngakhale muli ku Mzuzu.

Pali zinthu ziwiri zomwe zimatsatira pamenepa. Choyamba, simungapatse wina nthawi yoposa yomwe inu muli nayo. Ngati mgwirizano wanu ukutha mu Disembala, wolowayo atuluke Disembala asanathe, ndipo ndi bwino kusiya mpata wa milungu ingapo. Chachiwiri, inu mukachotsedwa m'nyumbamo chifukwa chophwanya mgwirizano, wolowayo nayenso malo ake amagwedezeka, ngakhale atakhala kuti ankalipira mokhulupirika. Choncho chilolezo cholembedwa chimateteza iyenso, ndipo munthu wanzeru sayenera kulowa asanachione.

Musasokoneze zimenezi ndi kusiyiratu nyumba. Ngati simudzabwereranso, chimene mukufuna ndi chakuti landilodi athetse mgwirizano wanu, akubwezereni dipoziti, n'kupangana mwatsopano ndi munthu winayo. Apo udindo wanu umatha tsiku lomwe mwatuluka. Kalata yathuyi ndi ya munthu amene akufuna kudzabwerera, ndipo mtengo wa kubwererako ndi kusenza udindo wa zochita za munthu wina.

Chitsanzo cha kalata

Tiyerekeze namwino amene amakhala ndi mwana wake m'nyumba ya zipinda ziwiri ku Chilomoni mumzinda wa Blantyre. Lendi ndi K250,000 pamwezi, amalipira tsiku lachisanu la mwezi lisanadutse, ndipo adapereka dipoziti ya mwezi umodzi. Mgwirizano wake ukutha pa 31 Disembala. Akupita ku Mzuzu kuyambira mu Febuluwale mpaka mu Sepitembala, ndipo mnzake wa kuntchito wavomera kukhalamo. Akulemba kumayambiriro kwa Januwale, kutatsala mwezi wathunthu. Pamwamba aika dzina lake, nambala ya nyumba ndi tsiku, kenako alemba motere:

Bambo,

PEMPHO LOLOWETSA MUNTHU WINA M'NYUMBA YANU KWA MIYEZI ISANU NDI ITATU

Ndine amene ndikuchita lendi m'nyumba yanu ya ku Chilomoni. Kuntchito anditumiza ku Mzuzu kuyambira pa 1 Febuluwale mpaka pa 30 Sepitembala, ndipo ndikufuna kudzabwerera m'nyumba yomweyi. Malinga ndi ndime ya mgwirizano wathu yonena za kulowetsa munthu wina, ndikupempha chilolezo chanu kuti Mayi Uje akhalemo pa nthawi imeneyi.

Mayi Uje ndi namwino pachipatala chomwe ine ndimagwira ntchito, ndipo ndawadziwa kwa zaka zinayi. Adzakhalamo anthu atatu: iwo, amuna awo amene ndi mphunzitsi, ndi mwana wa zaka ziwiri. Alibe galimoto kapena ziweto, ndipo nyumbayi adzaigwiritsa ntchito pogona basi, osati pa geni. Ndi chilolezo chawo, ndaphatikiza kope la chiphaso chawo cha unzika, nambala yawo ya foni ndi nambala ya landilodi amene akuchokako. Ndi okonzeka kudzaonana nanu tsiku lomwe inu mungasankhe.

Ndikutsimikiza kuti mgwirizano wanu udzakhalabe ndi ine. Lendi ya K250,000 ndizilipira ndine, pofika pa 5 mwezi uliwonse monga kale, kaya iwo andipatsa kapena ayi. Iwo azindipatsa ndalama yomweyo popanda kuonjezera. Bilu ya madzi ndi chilichonse chowonongeka kupyola kutha kwa masiku onse, ndidzalipira ndine. Dipoziti yanga ikhalebe m'manja mwanu. Mayi Uje awerenga mgwirizano wathu ndipo adzasayina kuti atsatira malamulo ake. Sadzalowetsa munthu winanso, sadzasintha kanthu pa nyumbayi, ndipo adzatuluka pofika pa 30 Sepitembala. Pakachitika zadzidzidzi ine ndili kutali, achimwene anga amene amakhala ku Zingwangwa adzafika m'malo mwanga. Nambala yawo ili m'munsimu.

Chonde mundiyankhe pofika pa 20 Januwale. Ngati mwavomera, sayinani m'munsimu pa makope onse awiri, limodzi likhale lanu. Sindipereka makiyi ndisanalandire yankho lanu.

Ine wanu.

Pansi pa siginecha yake asiya mzere wonena kuti mwini nyumba wavomera, malo a siginecha, tsiku, ndi malo a mboni imodzi.

Zimene landilodi akufuna kudziwa za wolowayo

Ndime yachiwiri ya kalatayi ikuyankha mafunso omwe landilodi akadafunsa munthuyo akadabwera yekha kudzafuna nyumba. Kungolemba kuti ndi munthu wabwino komanso wopemphera sikuthandiza, chifukwa palibe amene amalemba kuti akubweretsa munthu wovuta. Chomwe chimagwira ntchito ndi zinthu zomwe landilodi akhoza kuzitsimikiza yekha: dzina monga lilili pa chiphaso, kumene munthuyo amapeza ndalama, ndi nambala ya landilodi wake wakale, amene anganene ngati ankalipira pa nthawi yake.

Chiwerengero cha anthu ndi chomwe chimayambanitsa kwambiri. Mumpanda wa nyumba zinayi zogawana mita imodzi ya madzi ndi chimbudzi chimodzi, kusiyana kwa anthu awiri ndi anthu asanu ndi awiri kumaoneka pa bilu, ndipo oyamba kudandaula ndi matenanti enawo. Lembani chiwerengero chenicheni, kuphatikizapo ana ndi wantchito ngati azigona pomwepo. Mukalemba atatu n'kupezeka asanu ndi mmodzi, landilodi anganene kuti chilolezo chake mudachipeza mwachinyengo, ndipo adzakhala akunena zoona. N'chimodzimodzi ndi ntchito ya nyumbayo. Wolowayo akamadzaphika mandasi ogulitsa, kusoka zovala kapena kuweta nkhuku kuseri, nenani pano, osati landilodi adzazione yekha.

Komabe musapyole malire. Chiphaso cha unzika ndi cha mwini wake, ndiye mupempheni musanachijambule n'kupereka kwa wina. Malipiro ake enieni, matenda ake, mtundu wake kapena mavuto a m'banja lake sizofunika m'kalatamu. Kutchula ntchito ndi malo ake n'kokwanira kusonyeza kuti angakwanitse.

Malonjezo omwe ali ndi mano

Ndime yachitatu ndiyo imachititsa landilodi kusayina kapena kukana. Onani kuti namwinoyu sadalembe kuti aonetsetsa kuti zonse zikuyenda bwino. Watchula ndalama, tsiku, ndi dzina la wolipira. Mawu akuti kaya iwo andipatsa kapena ayi ndiwo mtima wa kalatayo, chifukwa akuchotsa nkhawa yaikulu ya landilodi, yoti azidzathamangitsana ndi munthu amene sakumudziwa.

Ambiri amaona kuti n'chapafupi kuti wolowayo azipereka lendi kwa landilodi mwachindunji. Njirayi ili ndi mbuna ziwiri. Yoyamba ndi yoti inu mumakhala womaliza kudziwa kuti lendi yasiya kulipidwa. Mumadzamva ngongole itafika miyezi itatu. Yachiwiri ndi yoti pakapita nthawi zimasokonekera kuti tenanti weniweni ndani, ndipo pobwera mukhoza kupeza awiriwo atagwirizana kuti wolowayo apitirize. Ndi bwino ndalama zizidutsa mwa inu: wolowayo akutumizireni pofika pa 1 kudzera ku banki, Airtel Money kapena TNM Mpamba, inu mutumize kwa landilodi pofika pa 5, ndipo mauthenga onse otsimikiza musunge. Ngati landilodi akufunitsitsa kulandira kwa wolowayo, kalata inene kuti akulipira m'malo mwanu ndipo lisiti lizilembedwa m'dzina lanu.

Nenaninso ndalama yomwe muzilandira. Landilodi akadzamva kuti nyumba yake ya K250,000 mukuichititsa lendi pa K320,000, adzaona kuti mukudyera pa katundu wake, ndipo mwina adzakweza lendi kapena kukutulutsani. Ngati mukuonjezera chifukwa mwasiya mipando, firiji ndi mbaula yamagetsi, lembani choncho. Landilodi wodziwa chifukwa savuta ngati wodzidzimutsidwa.

Wachibale wa ku Zingwangwa uja si wokongoletsa kalata. Paipi ikaphulika usiku kapena akuba akathyola zenera, landilodi amafuna munthu amene angafike pa malopo tsiku lomwelo, osati wongoyankha pafoni kuchokera ku Mzuzu. Muuzeni wachibaleyo musanalembe dzina lake.

Kupereka kalata ndi kudikira yankho

Kwathu kuno kalata yongofika popanda mawu imaoneka ngati mwano, makamaka kwa landilodi wachikulire. Pitani kaye mukakhale pansi, mufotokoze pakamwa, kenako mutulutse kalatayo ngati chosungira zomwe mwakambirana. Landilodi akati, “Palibe vuto mwanangu, apite akakhale,” thokozani, komabe pemphani siginecha. Simukumukayikira. Miyezi isanu ndi itatu ndi yaitali: akhoza kudwala, nyumba ikhoza kugulitsidwa, kapena ana ake akhoza kuyamba kutolera lendi, ndipo iwo sadamve zomwe bambo awo adanena pakhonde.

Onetsetsaninso kuti wosayina ndi woyenera. Amene amatolera lendi nthawi zina ndi mphwake wa mwini nyumba kapena tenanti wakale wongopatsidwa ntchitoyo, ndipo sangakhale ndi mphamvu yololeza munthu watsopano. Ngati nyumba ikuyendetsedwa ndi kampani, kalata ipite ku ofesi yawo ndipo akudindireni kope lanu posonyeza kuti alandira. Ngati mwini ali ku Joni kapena ku Ulaya, jambulani kalatayo, mutumize pa WhatsApp, ndipo mupemphe yankho lotchula dzina la wolowayo ndi masiku ake. Kachizindikiro ka chala chachikulu si chilolezo chomwe mungadzaonetse pa mlandu molimba mtima.

Tsiku lanu likadutsa landilodi ali chete, musatenge kuti wavomera. Mukumbutseni, ndipo makiyi akhalebe m'thumba mwanu. Akakana, funsani chifukwa mwaulemu. Zifukwa zina ndi zomveka: anthu achuluka, munthuyo adasiya ngongole kwina, kapena akufuna kuchitiramo geni. Zambiri mwa izi zimakonzeka mwa kupeza munthu wina, kufupikitsa nthawi kapena kuonjezera dipoziti. Ngati mukuona kuti wakana popanda chifukwa pomwe mgwirizano umalola, funsani loya musanachite kanthu. Kulowetsa munthu mwamakani kumangomupatsa chifukwa chenicheni chokuchotserani.

Akavomera, ntchito sinathe

Tsopano lembani mgwirizano wachiwiri, wa inu ndi wolowayo. Muikemo masiku, lendi, dipoziti, chiwerengero cha anthu, malamulo a mumpanda, ndi notisi yomwe aliyense ayenera kupereka ngati zinthu zasintha. Tsiku lopereka makiyi, yenderani nyumba limodzi, ndipo ngati n'kotheka landilodi akhalepo. Jambulani makoma, magalasi a mazenera, maloko, mipopi ndi chimbudzi. Lembani manambala omwe ali pa mita ya madzi ndi mayunitsi otsala pa mita ya Escom. Magetsi olipiriratu savuta chifukwa wosagula amangokhala mumdima, koma madzi olipira pakutha pa mwezi amaunjika ngongole mwakachetechete, nthawi zambiri m'dzina la mwini nyumba, mpaka a madzi atabwera kudzadula. Pemphani kuti azikutumizirani chithunzi cha bilu ndi lisiti mwezi uliwonse.

Tibwerere kwa namwino uja tione mmene ndalama zimayendera zinthu zikavuta. Pa miyezi isanu ndi itatu walonjeza landilodi K2,000,000 yonse. Kwa mnzakeyo watenga dipoziti ya K250,000. Tinene kuti mpaka Meyi zonse zikuyenda, koma mu Juni ndalama yabwera theka, K125,000, ndipo mu Julayi sinabwere konse. Pofika pa 5 Julayi iye watulutsa K375,000 m'thumba mwake kuti landilodi asaone kusintha. Bilu ya madzi ya K40,000 ikapezekanso yosalipidwa, zonse zakwana K415,000, pomwe dipoziti yomwe ali nayo ndi K250,000. Watsala ndi dzenje la K165,000, kwinaku akulipiranso chipinda ku Mzuzu. Ndalama imeneyi angathe kuilondola kwa mnzakeyo, ngakhale kukhoti, chifukwa ali ndi pepala losayinidwa. Koma landilodi sayenera kudikira kuti mlanduwo uthe.

Zizindikiro zimaoneka ngongole isanakule. Tsiku lolipira limayamba kutsetsereka, kuchoka pa 1 kufika pa 8, kenako pa 15. Chithunzi cha bilu chimasiya kubwera. Foni imayankhidwa mochedwa, ndipo wachibale wanu akapita amapeza nsapato zambiri pakhomo kuposa anthu omwe mudalemba. Theka la lendi la mu Juni lija ndi pomwe namwinoyu amayenera kulankhula momveka, kulemba chenjezo, ndi kuyamba kuwerenga masiku a notisi. Kuchita manyazi chifukwa ndi mnzake wa kuntchito ndiko kumasandutsa mwezi umodzi kukhala itatu. Ndipo ngakhale zitafika poipa, asatume anyamata kukasintha maloko kapena kutulutsa katundu panja. Munthu wokana kutuluka amachotsedwa kudzera kukhoti, ndipo lamulo limeneli likukhudza inunso tsopano popeza ndinu landilodi wake.

Choncho musanasayine ndime ya malonjezo ija, khalani pansi muwerengere: kodi wolowayo atasiya kulipira, ndingakwanitse lendi ya miyezi iwiri ya nyumbayi pamwamba pa ya kumene ndikupita? Ngati yankho ndi inde, lembani kalatayo ndipo muipereke kutatsala mwezi. Ngati ndi ayi, ndiye kuti mukulonjeza zomwe mulibe. Apo ndi bwino kupereka notisi, kutenga dipoziti yanu, kusungitsa katundu kwa achibale, ndi kupempha landilodi kuti adzakukumbukireni nyumba ikadzapezeka pobwera.